Ngongole ya madola, ya kwacha kapena yofewa: imaluma kwambiri ndi iti dola ikakwera?

Mlamu wanga amagulitsa zipangizo za galimoto, ndipo mwezi wa Okutobala 2023 anatenga katundu wa madola 5,000 pangongole kwa munthu amene amamuoda kunja. Anagwirizana kuti alipira pakatha masiku 60, popanda chiwongoladzanja chilichonse. Pa mtengo wa kubanki wa nthawiyo, pafupifupi K1,180 pa dola imodzi, ngongoleyo inali K5.9 miliyoni. Mu Novembala Reserve Bank of Malawi inachepetsa mphamvu ya kwacha, dola nkufika pa K1,700. Mlamu sanabwerekenso kalikonse, katundu m'sitolo anali yemweyo, wamwini ngongole sanawonjezere ngakhale senti, koma K5.9 miliyoni ija inadzuka ili K8.5 miliyoni. Izi ndikuwerengera pa mtengo wa kubanki. Amene anasakako dola m'masiku amenewo akudziwa kuti kubanki kunali mtengo wokha, dola yeniyeniyo imapezeka kwa anyamata apamsewu pamtengo wina.

Boma limene labwereka madola lili pamalo omwewo. Limatolera misonkho mu kwacha, mu shilingi kapena mu sedi, koma wobwereketsa akufuna dola, ndipo dola sangaisindikize wina aliyense kupatula Amereka. Choncho dziko losauka likamasankha kokabwereka, funso loti chiwongoladzanja ndi chingati limabwera pambuyo. Loyamba ndi lakuti, dola ikakwera, amene asenze kusiyanako ndani?

Dola imakwera makamaka banki yaikulu ya Amereka, Federal Reserve, ikakweza chiwongoladzanja. Kuyambira Malichi 2022 mpaka Julaye 2023 anachikweza kuchoka pafupi ndi ziro kufika pa 5.25 mpaka 5.5 peresenti. Munthu wa ndalama amene amazizungulitsa ku Accra kapena ku Nairobi pofuna phindu anaona kuti atha kupeza 5 peresenti pongobwereketsa boma la Amereka, tulo nkumagona bwinobwino. Ndalama zinayamba kubwerera kwawo, aliyense nkumagula dola, ndipo pofika Seputembala 2022 dola inali pamphamvu imene inali isanafikepo kwa zaka pafupifupi 20. Si zachilendo ayi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 Paul Volcker, mkulu wa Federal Reserve pa nthawiyo, anakweza chiwongoladzanja kufika cha m'ma 20 peresenti, ndipo mu Ogasiti 1982 Mexico inauza oibwereketsa kuti yalephera.

Tinene chilungamo pang'ono apa. Si kugwa kulikonse kwa ndalama yathu kumene kumachokera ku Washington. Nthawi zambiri kwacha imagwa chifukwa tikugula zakunja zambiri kuposa zimene tikugulitsa, kapena boma ladya zoposa zimene latolera. Kwa wobweza ngongole kupweteka ndi kumodzimodzi, koma kusiyanaku kudzaoneka kufunika kwake tikafika pa nkhani yothawira ku yuwani, ndalama ya ku China.

Kubwereka madola pamsika

Iyi ndi njira imene imakopa nduna za zachuma, ndipo Zambia inaiyenda yonse mpaka kumapeto, ndiye tiyeni tiitsatire.

Mu Seputembala 2012 Zambia inagulitsa yurobondi yake yoyamba, kutanthauza chikalata cha ngongole chogulitsidwa kwa amalonda akunja mu madola. Inali ya madola 750 miliyoni, ya zaka 10, pa chiwongoladzanja cha 5.375 peresenti. Ofuna kugula anachuluka kuposa kakhumi ndalama zimene boma limafuna. Panalibe IMF yofunsa za malipiro a ogwira ntchito m'boma, panalibe wokakamiza kuti ndalamazo zipite ku mlatho wakutiwakuti, ndipo zinalowa m'masabata ochepa. Mu 2014 anabwerezanso ndi madola 1 biliyoni pa 8.5 peresenti, mu 2015 madola 1.25 biliyoni pa 8.97 peresenti. Zonse pamodzi madola 3 biliyoni.

Taonani bondi yoyamba ija yokha. Chiwongoladzanja chake pachaka ndi madola pafupifupi 40 miliyoni. Mu 2012 dola inali pafupifupi K5 ya Zambia, tikawerengera mu kwacha yatsopano imene anachotsa maziro atatu mu 2013, ndiye bungwe lotolera misonkho limayenera kupeza K200 miliyoni pachaka. Chakumapeto kwa 2020 dola inali cha m'ma K21. Madola 40 miliyoni omwewo anasanduka K840 miliyoni ndi kanthu. Mutu wa ngongole, umene unali wosafika K4 biliyoni tsiku lobwereka, unadutsa K15 biliyoni. Papepala chiwongoladzanja chinali chikadali 5.375 peresenti. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Wina anganene kuti Zambia imagulitsa mkuwa mu madola, ndiye dola ikakwera iwonso apindula. Mfundoyi ili ndi mutu, ndipo ndi chifukwa chake dziko logulitsa zambiri kunja limapirira ngongole ya madola kuposa dziko longodalira fodya wa nyengo imodzi. Vuto ndi lakuti mtengo wa katundu ngati mkuwa umakonda kutsika pa nthawi yomwe dola ikukwera, popeza katunduyo amagulidwa mu madola ndipo amadulira ogula a maiko ena. Mu 2015 zinachitika choncho. Dola inakwera, mkuwa unatsika pansi pa madola 5,000 pa tani, ndipo kwacha ya Zambia imene inayamba chakacho ili cha m'ma 6 pa dola inadutsa 12 chaka chisanathe. Mkuwa ndi umene umabweretsa pafupifupi 70 peresenti ya ndalama zakunja za Zambia. Ndalama zolowa zinachepa mwezi womwewo umene ngongole inalemera.

Pali china chimene anthu sachiona msanga. Yurobondi zambiri sizibwezedwa pang'onopang'ono ngati ngongole ya nyumba. Zaka zonsezo mumangopereka chiwongoladzanja, ndiye tsiku lomaliza mutu wonse ukufunika pakamodzi. Maboma ambiri sasunga ndalama zoterozo, amadalira kuti adzagulitsa bondi yatsopano nkubwezera yakale. Koma dola ikakhala yamphamvu ndi pamene obwereketsa amakana, kapena amatchula mtengo wa katapila. Kenya inali ndi bondi ya madola 2 biliyoni yofunika kubwezedwa mu Juni 2024, shilingi itagwa kudutsa 160 pa dola mu Januwale. Inapulumuka pogulitsa bondi yatsopano ya madola 1.5 biliyoni mu Febuluwale, koma pamtengo woposa 10 peresenti. Zambia sinapeze khomo loterolo. Mu Novembala 2020 inalephera kupereka madola 42.5 miliyoni a chiwongoladzanja cha miyezi isanu ndi umodzi pa bondi ya 2014 ija, ndipo mgwirizano ndi eni mabondi unadzatheka mu 2024, patapita zaka zitatu ndi theka.

Malawi sinagulitsepo yurobondi, koma tisanyade nazo. Tili ndi mchimwene wake, ngongole zamalonda za madola zochokera ku Afreximbank ndi Trade and Development Bank, zimene zinatengedwa kuti zichirikize thumba la ndalama zakunja, ndipo ndi zimenezi zakhala zikuvuta pa zokambirana zokonzanso ngongole zathu. Ngongole za mabanki zoterezi nthawi zambiri zimakhala zazifupi, ndipo zambiri chiwongoladzanja chake chimayenda ndi mulingo wa ku Amereka wotchedwa SOFR. Mulingowu unali pafupi ndi ziro kumayambiriro kwa 2022, nkudutsa 5 peresenti mu 2023. Amene anasainira kuti azilipira SOFR kuphatikiza 6 peresenti anayamba ndi 6, nkudzapezeka akulipira 11, mu dola yokwera mtengo. Ameneyu amamenyedwa kawiri ndi ndodo imodzi.

Kubwereka kwacha kunyumba

Apa boma limagulitsa zikalata zake za ngongole kwa mabanki athu, makampani a inshuwalansi ndi mabungwe osunga ndalama za penshoni. Chiwongoladzanja chimaopsa kuchiona. Reserve Bank inaika mulingo wake wa chiwongoladzanja pa 26 peresenti mu Febuluwale 2024, ndipo nthawi imeneyo boma likamabwereka kwa zaka zingapo linkalipira pamenepo kapena kuposa. Munthu akayika 8 peresenti ya dola pambali pa 25 peresenti ya kwacha, amaganiza kuti wosankha kwacha wapenga.

Tiyeni tiwerengere. Tiyerekeze kuti boma likufuna K118 biliyoni mu Okutobala 2023, imene inali madola 100 miliyoni, kwa chaka chimodzi. Likabwereka kwacha pa 25 peresenti, libweza K147.5 biliyoni, ndiye mtengo wa ngongoleyo ndi K29.5 biliyoni, ndipo likudziwiratu chiwerengerochi tsiku losaina. Likabwereka madola pa 8 peresenti, libweza madola 108 miliyoni. Dola ikanakhala pa K1,180 imeneyo ikanakhala K127.4 biliyoni, yotchipa kwambiri. Koma pa K1,700 ndi K183.6 biliyoni. Mtengo wa ngongole wafika K65.6 biliyoni, pafupifupi 56 peresenti, kuposa kawiri wa ngongole ya kwacha imene imaoneka yodula ija.

Malire ake ndi osavuta kupeza. Gawani 1.25 ndi 1.08, mupeza pafupifupi 1.16. Ndiko kuti dola ikangokwera ndi 16 peresenti pachaka, ngongole ziwirizi zafanana, ndipo ikapitirira apo ya madola ndiyo yodula. Ndiye wosankha madola akubetcha kuti kwacha sigwa kuposa pamenepo. M'dziko limene kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kubetcha kotero nkolimba mtima.

Komabe sindikunena kuti ngongole ya kwacha ndi yabwino. Imangopweteka mbali ina. Ku Malawi gawo lalikulu la ndalama zimene bajeti imataya pa chiwongoladzanja limapita ku ngongole ya m'dziko momwemuno, osati yakunja. Banki imene ikupeza phindu loposa 20 peresenti pobwereketsa boma ilibe chifukwa chovutikira ndi mlimi wa soya kapena mwini chigayo, ndiye wabizinesi amasowa pobwereka. Boma likapanikizika limathamangira ku banki yaikulu, ndalama nkuchuluka m'manja mwa anthu, mitengo nkukwera, kwacha nkugwanso, ndipo ngongole ya madola imene inalipo kale imalemera chifukwa cha ngongole ya kwacha. Komanso kwacha sigula feteleza kapena mafuta kunja. Ngati ntchito yobwerekera ndalamayo ikufuna makina ochokera kunja, boma lidzapitabe kukasaka dola.

Ndipo zikavuta, olira amakhala anthu a m'dziko. Ghana, imene sedi yake inayamba 2022 ili cha m'ma 6 pa dola nkudutsa 13 mu Novembala, inaimitsa kubweza ngongole zambiri zakunja mu Disembala chaka chomwecho, komanso inapempha eni zikalata za m'dziko kuti asinthanitse ndi zina za phindu lochepa ndi zaka zambiri. Mu Febuluwale 2023 okalamba amene anaika ndalama zawo zopumira ntchito m'zikalatazo anakakhala ndi zikwangwani pakhomo pa unduna wa zachuma ku Accra.

Ngongole yofewa

Iyi ndi ya nthambi ya World Bank yotchedwa IDA, ya African Development Fund ndi ya IMF yothandiza maiko osauka. Mu 2023 ngongole ya IDA ya masiku onse inali ya zaka 38, zaka 6 zoyamba osabweza mutu, ndipo ankangolipiritsa pafupifupi 0.75 peresenti pachaka. Pa madola 100 miliyoni athu aja, ndi madola 750,000 pachaka. Pa K1,180 ndi K885 miliyoni, pa K1,700 ndi K1.3 biliyoni. Yakweradi ndi 44 peresenti ngati inzake, koma 44 peresenti ya kanthu kakang'ono ndi kanthu kakang'onobe.

Mutu wa ngongole nawo umakwera, kuchoka K118 biliyoni kufika K170 biliyoni, ndipo nyuzi zimalemba kuti ngongole ya dziko yalumpha usiku umodzi. Nzoona, koma kulumphako kuli m'kaundula. Palibe amene akufuna K170 biliyoni mawa. Idzabwezedwa m'zigawo zazing'ono kwa zaka zoposa 30, ndipo m'zaka zimenezo misonkho yotoleredwa mu kwacha nayo imakwera pamodzi ndi mitengo ya zinthu. Apa ndi pamene pagona kusiyana kwenikweni pakati pa ngongole iyi ndi yamalonda. Kwacha ikagwa, misonkho imatenga chaka kapena ziwiri kuti itsatire. Ngongole ya zaka 38 imadikira, ya miyezi 12 sidikira.

Palinso kena. Zambiri mwa ngongolezi siziwerengeredwa mu dola yeniyeni koma mu SDR, ndalama ya m'mabuku ya IMF imene ndi dengu la ndalama zisanu. Dola ili ndi gawo la 43 peresenti, yuro 29, yuwani 12, ndipo yotsalayo agawana yeni ya ku Japan ndi paundi. Dola ikakwera payokha nkusiya yuro ndi yeni kumbuyo, monga mu 2022, ngongole ya SDR imatsika ikawerengedwa mu madola. Dziko logulitsa fodya kapena tiyi mu madola limapumirako pang'ono.

Nanga bwanji osangobwereka yofewa yokhayokha? Chifukwa ndi yochepa, imachedwa, ndipo imabwera ndi malamulo. Ndalama zimaperekedwa pa ntchito yogwirizana, m'zigawo, oyendera akakhutira. IMF inavomereza pulogalamu ya Malawi ya madola pafupifupi 175 miliyoni mu Novembala 2023, masiku ochepa kwacha itatsitsidwa, ndipo pulogalamuyo inatha mu Meyi 2025 titangolandira gawo loyamba. Chinanso chimene sichikambidwa kawirikawiri ndi chakuti mabungwe amenewa amayamba ndi iwo kubwezeredwa. Dziko likakhala pansi ndi oibwereketsa kuti achepetse ngongole, World Bank ndi IMF sizidulidwa. Kukhululuka kumene Malawi inalandira mu 2006 pansi pa HIPC, ndondomeko yokhululukira ngongole za maiko osauka, kunali kwapadera, si chinthu choti nkuikapo bajeti. Ndiye ngongole yofewa ndi yopepuka kusenza koma yovuta kutula.

Kuthawira ku ndalama ina, kapena kugula chitetezo

Masiku ano kukumveka zambiri za kusiya dola. Egypt inagulitsa bondi mu yuwani mu 2023, ndipo Kenya mu 2025 inasintha ngongole ya njanji ya Mombasa kupita ku Nairobi kuchoka mu madola kupita mu yuwani, makamaka chifukwa chiwongoladzanja cha ku China ndi chotsika. Phindu lake lilipo, mumachoka pa SOFR. Koma apa ndi pamene kusiyana ndinatchula kuja kukugwira ntchito. Ngati vuto ndi dola kukwera payokha, yuwani kapena yeni ikuthandizani. Ngati vuto ndi kwacha kugwa chifukwa cha zathu, imagwa kwa onse. Tsiku lija la Novembala 2023 yuwani, randi ndi yuro zinakwera limodzi ndi dola. Ndipo dziko limene katundu wake wakunja amalipidwa mu madola liyenera kugulitsa madolawo kuti ligule yuwani yobwezera.

Chitetezo chogula nacho chilipo. Bungwe la TCX la ku Amsterdam limalola kuti wobwereka alandire madola koma azibweza molingana ndi ndalama ya kwawo, kusiyanako nkusenza bungwelo. Mabungwe obwereketsa ndalama zazing'ono amaligwiritsa ntchito. Kungoti chitetezocho mtengo wake umayandikira kusiyana kwa chiwongoladzanja cha ndalama ziwirizo, ndiye 8 peresenti ija imabwerera cha m'ma 25. Mwagula mtendere wa mumtima, simunagule kutchipa. Komanso ndalama zimene msika woterewu ungateteze ndi zochepa poyerekeza ndi ngongole ya boma lonse.

Ine ndikanakhala woweruza, ndikanayamba ndi kufunsa kuti chinthu chobwerekera ndalamacho chidzabweretsa ndalama yanji. Mgodi, fakitale ya shuga wogulitsa kunja kapena chingwe cha magetsi ogulitsa ku dziko loyandikana nalo zitha kusenza ngongole ya madola, ngakhale yamalonda, chifukwa zimadzipezera dola. Sukulu, chipatala ndi msewu wakumudzi sizibweretsa dola ngakhale imodzi, ndiye zimayenera ngongole yofewa, ikasowa ya kwacha. Choipitsitsa ndi kubwereka madola amalonda, a nthawi yaifupi, kuti mugulire mafuta kapena kuti kwacha ioneke yamphamvu. Mafutawo amapsa m'mwezi umodzi, ngongole nkutsala, ndipo tsiku limene kwacha idzatsitsidwe ngongoleyo idzakhala itakula ndi peresenti yomweyo.

Kuti muone ngati zinthu zayamba kupendama simufunika kudikira lipoti la IMF. Yang'anani kusiyana kwa mtengo wa dola kubanki ndi pamsewu. Kukakula, dziwani kuti ngongole yakunja imene boma likulengeza mu kwacha ndi yochepa kuposa yeniyeni, chifukwa aiwerengera pa mtengo umene sukhalitsa. Kenako yerekezani madola amene ali m'thumba la banki yaikulu ndi madola a ngongole ofunika kubwezedwa m'miyezi 12 ikubwerayi. Mulingo umene akatswiri amakonda kutchula ndi wakuti thumbalo likwanire kugula katundu wakunja kwa miyezi itatu, koma dziko litha kukhala ndi miyezi itatuyo nkugwabe ngati bondi yaikulu ikugwa chaka chomwecho. Thumbalo likaphwa, banki yaikulu imayamba kugawa dola pakati pa wobwereketsa, wogulitsa mafuta, wa feteleza ndi wa mankhwala. Wobwereketsa ali ndi mgwirizano wosainirana ndi maloya ku London, choncho kawirikawiri amayamba ndi iye, ndipo otsalawo mumakawaona pamzere wa galimoto umene wazungulira malo omwetsera mafuta mpaka kuseri kwa msika.